Momwe Mungasandutsire Ntchito Yomwe Mumaibwereza Kukhala Phukusi la Mtengo Wokhazikika

Mukamalipiritsa pa ola, ntchito ikatalika amene amalira ndi kasitomala. Mukatchula mtengo umodzi wosasintha, ntchito ikatalika amene amalira ndinu. Nkhani yonse ya phukusi yagona pamenepa. Kasitomala amalikonda chifukwa amadziwiratu zomwe alipire ndi zomwe alandire, koma mtendere wakewo mwaugula ndinu posenza chiopsezo chomwe kale chinali chake. Choncho musanaganize za mayina okongola a mapukusi anu, muyenera kudziwa chimene chimatalikitsa ntchito yanu, ndipo muchimangire mpanda.

Titenga chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto: munthu amene amalembera mabizinesi ang'onoang'ono mabuku a ndalama mwezi uliwonse. Amalandira malisiti ndi sitetimenti ya kubanki, amalowetsa zonse mu pulogalamu ya pakompyuta, kenako amatulutsa lipoti. Manambala onse omwe ali m'munsimu ndi ongoyerekezera, ndipo sindinatchule mtundu wa ndalama. Inu muikemo anu.

Yambani ndi ntchito zomwe munagwira kale

Si ntchito iliyonse yomwe ingalowe m'phukusi. Yoyenera ndi yomwe mwaigwirapo kambirimbiri, masitepe ake amakhala omwewo kwa kasitomala aliyense, ndipo ili ndi pothera poonekera. Kulemba mabuku a mwezi kumakwanira zonse zitatu. Kulangiza mwini bizinesi ngati atenge ngongole kapena ayi sikukwanira, chifukwa funso lililonse limabwera ndi nkhani yakeyake. Zoterozo zisiyeni pa ola.

Tsegulani zolemba zanu, mutenge ntchito khumi kapena kupitirirapo zomwe munamaliza posachedwapa. Pa iliyonse lembani maola omwe inadya, zomwe munapereka, ndi chomwe chinavuta. Ngati simunkalemba nthawi, musangoganizira. Pafupifupi tonse timachepetsa maola tikamakumbukira, chifukwa timakumbukira nthawi yomwe tinakhala pa kompyuta n'kuiwala mafoni, mauthenga okumbutsa kasitomala, ndi theka la ola lofufuza lisiti limodzi losowa. Ndi bwino kuchedwetsa phukusilo mwezi umodzi kapena iwiri, mukulemba nthawi tsiku ndi tsiku, kusiyana ndi kumanga mtengo pa manambala a m'mutu.

Mukayala manambalawo mudzaona kuti safanana. Wolemba mabuku wathuyu wapeza kuti makasitomala ena amamudyera maola 6 kapena 7 pamwezi, ena 15, wina 30. Funso lofunika kwambiri pa ntchito yonseyi ndi lakuti: n'chiyani chikusiyanitsa wa maola 7 ndi wa maola 30?

Yankho loyamba lomwe limabwera m'mutu ndi kukula kwa bizinesi, koma nthawi zambiri limasocheretsa. Kampani yomwe imagulitsa makina awiri okwera mtengo pamwezi ikhoza kupanga ndalama zambiri kuposa sitolo yogulitsa tizinthu ting'onoting'ono, koma mabuku ake amadya nthawi yochepa. Sitolo ija ili ndi malisiti mazanamazana. Chomwe chimadya nthawi ya wolemba mabuku ndi kuchuluka kwa mizere, kutanthauza ndalama iliyonse yolowa kapena yotuluka yomwe iyenera kulembedwa, kuikidwa m'gulu lake, ndi kuyerekezedwa ndi sitetimenti. Atawerengetsera, wapeza kuti kasitomala aliyense amadya maola 2 osasintha, otolera mapepala, kuunikanso ndi kutumiza lipoti, kenako mzere uliwonse umadya pafupifupi mphindi 3. Akaunti ya kubanki yowonjezera imadya ola lina.

Ntchito iliyonse ili ndi muyezo wake woterewu. Kwa wojambula zithunzi za katundu ndi chiwerengero cha zinthu zojambulidwa, kwa wopanga mawebusaiti ndi chiwerengero cha masamba. Muyezo wabwino ndi womwe kasitomala angathe kuwerenga yekha asanalankhule nanu, ndipo nonse awiri simungakanganepo. "Ntchito yovuta" ndi "ntchito yosavuta" si muyezo. "Mizere 100" ndi muyezo.

Lembani chomwe kasitomala adzagwire m'manja

Tsopano lembani chotsatira cha ntchitoyo m'chiganizo chimodzi. Ambiri amalemba zomwe iwo amachita: kulowetsa malisiti, kusanja, kuyerekeza. Zimenezo ndi zochita zanu, ndipo kasitomala sakugula zochita zanu. Akufuna kudziwa chomwe adzakhale nacho, ndi tsiku lake. Wolemba mabuku wathu walemba motere:

"Pofika pa 10 mwezi uliwonse, mudzalandira lipoti losonyeza phindu kapena kuluza kwa mwezi wathawo, ndipo mabuku anu adzakhala akugwirizana ndi sitetimenti ya kubanki."

Chiganizochi chili ndi chinthu, chili ndi tsiku, ndipo chili ndi njira yotsimikizira: ndalama yotsala m'mabuku ikufanana ndi yotsala pa sitetimenti, kapena sikufanana. Palibe za pakatikati.

Chenjerani ndi lonjezo lomwe silili m'manja mwanu. "Mudzalipira msonkho wochepa" kapena "bizinesi yanu idzakula" ndi mawu okoma kumva, koma amadalira zinthu zomwe inu simuzilamulira, ndipo tsiku lomwe sizidzachitika kasitomala adzanena kuti simunakwaniritse. Lonjezani zokhazo zomwe mungazitulutse ndi manja anu.

Ngakhale lonjezo la pa 10 lija silili lonse m'manja mwanu, chifukwa simungayambe popanda malisiti. Ndiye pansi pake palembedwe mbali ya kasitomala: malisiti ndi sitetimenti zifike pofika pa 3, zonse pamalo amodzi omwe mwagwirizana, osati zina pa imelo, zina pa foni, zina m'emvulopu. Akachedwa ndi masiku anayi, lipoti nalo lichedwa ndi masiku anayi. Popanda chiganizo chimenechi mudzalandira malisiti pa 9 madzulo, kasitomala akuyembekezerabe lipoti m'mawa mwake, ndipo malinga ndi zomwe munalemba, wolakwa mudzakhala inu.

Mpanda

Mndandanda wa zomwe sizili m'phukusi ndi wofunika kuposa wa zomwe zilimo. Kuti muupeze, bwererani ku ntchito zakale zija, muone zonse zomwe makasitomala anakupemphani ndi mawu akuti "mungondithandizako pang'ono". Kwa wolemba mabuku zimakhala izi: kukonza malipiro a antchito, kulemba mafomu a msonkho a kumapeto kwa chaka, kukonza zikalata zopemphera ngongole kubanki, kukumbutsa anthu omwe ali ndi ngongole kwa kasitomalayo. Zonsezi zilembedwe poyera kuti sizilimo, ndipo zomwe mungakonde kuzichita zikhale ndi mtengo wake pambali.

Choopsa kuposa zonse pa ntchito iyi ndi mabuku a m'mbuyo. Kasitomala watsopano amabwera kwa inu kawirikawiri chifukwa zinthu zasokonekera, ndipo mwina miyezi isanu ndi umodzi yapitayo sanalembe kalikonse. Simungatulutse lipoti lolondola la mwezi uno pamene poyambira pake n'posadziwika. Mukapanda kunena chilichonse, mudzakonza miyezi yonseyo pa mtengo wa mwezi umodzi. Kukonza za m'mbuyo kukhale chinthu chapadera, cholipiridwa kamodzi ntchito isanayambe, powerengera mwezi uliwonse wotsalira.

Kulankhulana nako kumafuna mpanda. Kasitomala amene walipira mtengo wokhazikika amaona ngati foni yanu ili m'kati mwa mtengowo. Lembani kuti mafunso amayankhidwa pa imelo pasanathe masiku awiri ogwira ntchito, ndipo kukumana kapena kuimbirana foni kuli m'phukusi liti.

Kuwerengera mtengo

Yambirani pansi, pa ndalama yomwe ola lanu siliyenera kutsikira. Tinene kuti wolemba mabukuyu afunika 2,000 pamwezi kuti adzilipire ndiponso alipire zoyendetsera ntchito. Amagwira maola 160 pamwezi, koma si onse omwe angagulitsidwe. Ena amapita pa kusaka makasitomala, kulemba mainvoisi, kuphunzira, kudwala. Ogulitsika tinene kuti ndi 100. Ndiye kuti ola lililonse logulitsidwa liyenera kubweretsa 20. Akadagawa 2,000 ndi 160 akadapeza 12.5, ndipo akadagwira ntchito mwezi wonse osapuma n'kupezabe kuti ndalama sizikukwana.

Phukusi laling'ono ndi la mizere yosapitirira 100 ndi akaunti imodzi. Mizere 100 pa mphindi 3 ndi maola 5, kuphatikiza maola 2 osasintha aja, onse ndi 7. Maola 7 pa 20 ndi 140. Apa musaimire. Onjezerani ndalama yotetezera miyezi yovuta, chifukwa chiopsezo chija mwachisenza ndinu ndipo chiyenera kulipiridwa. Iye wawonjezera 20 pa 100 iliyonse, zomwe zafikitsa mtengo pa 168. Ngati maola a ntchito zanu zakale amasiyanasiyana kwambiri ngakhale pa muyezo wofanana, onjezerani yoposa pamenepa. Pomaliza pali pulogalamu ya pakompyuta yomwe amalipirira kasitomala aliyense 12 pamwezi. Mtengo wathunthu ndi 180.

Onani kuti wawerengera pa mizere 100, pomwe pali malire, osati pa 60 pomwe mwina makasitomala ambiri a phukusili ali. Mukawerengera pakati, aliyense woyandikira malire amakudyerani.

Nambala imeneyi ndi pansi chabe. Mukaiyerekeza ndi zomwe ena amalipiritsa, kapena ndi zomwe kasitomala angawononge polemba munthu ntchito, mukhoza kupeza kuti mungakweze. Kwezani. Ubwino wa phukusi kwa inu ndi wakuti mukayamba kugwira mwachangu, mzere n'kumadya mphindi 2 m'malo mwa 3, mtengo sutsika ndipo maola opulumutsidwawo ndi anu. Pa ola, luso lanu likakula malipiro amachepa. Koma mukapeza kuti msika sungalipire ngakhale mtengo wapansiwo, musatsitse nambala n'kusiya ntchito ili chimodzimodzi. Chotsani china m'phukusimo, kapena vomerezani kuti makasitomala amenewo si anu.

Magawo atatu, odulidwa pa muyezo umodzi

Mapukusi atatu amakwanira. Limodzi lokha limachititsa funso kukhala "ndigule kapena ndisagule", pamene atatu amalisandutsa "ndigule liti". Akafika asanu kapena asanu ndi limodzi, kasitomala amatopa n'kukuimbirani kuti mumufotokozere, zomwe ndi zomwezo munkathawa.

Phukusi lapakati la wolemba mabukuyu ndi la mizere yosapitirira 250 ndi maakaunti awiri, komanso foni ya theka la ola yokambirana lipoti. Mizere imadya maola 12 ndi theka, osasintha aja 2, akaunti yachiwiri 1, foni theka, onse 16. Pa 20 ndi 320, ndi chitetezo chija ndi 384, ndi pulogalamu ndi 396. Walemba 400.

Lalikulu ndi la mizere yosapitirira 500 ndi maakaunti atatu, msonkhano wa ola lathunthu, ndi mndandanda wa onse omwe ali ndi ngongole kwa kasitomala, wosonyeza kuti ngongole iliyonse yakhala nthawi yaitali bwanji. Maola ake ndi 25 a mizere, 2 osasintha, 2 a maakaunti owonjezera, 1 wa msonkhano, 2 a mndandanda, onse 32. Mtengo ukufika pa 780. Woposa mizere 500 salowa m'phukusi lililonse, amapatsidwa mtengo wakewake.

Chotsatira chachikulu, lipoti pa 10 ndi mabuku ogwirizana ndi banki, n'chimodzimodzi m'magawo onse atatu. Chosiyana ndi kukula kwa katundu ndi zowonjezera zochepa. Ndimaona kuti apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amapundula dala phukusi laling'ono kuti anthu athawire ku lapakati. Akachotsamo kuyerekeza ndi sitetimenti, mwachitsanzo, lipoti lotuluka silingadaliridwe, ndipo pa lipoti losadalirikalo pali dzina lawo. Phukusi laling'ono likhale laling'ono, koma lathunthu.

Kulakwitsa kwina ndi kudzaza phukusi lalikulu ndi tizinthu tambirimbiri tongofuna kuti mndandanda uoneke wautali. Chilichonse chomwe mwalemba pamenepo wina adzachifuna, ndipo chidzadya maola. Chowonjezera chilichonse chikhale chomwe bizinesi ya msinkhu umenewo imachifunadi. Mwini bizinesi ya mizere 500 amagulitsa pa ngongole kawirikawiri, n'chifukwa chake mndandanda wa angongole uli pamenepo osati pa laling'ono. Ndipo mawu akuti "zopanda malire" asapezeke paliponse.

Mayina a mapukusi musataye nawo nthawi. Laling'ono, lapakati, lalikulu, basi.

Nanga kasitomala wa phukusi laling'ono akafika mizere 130 mwezi wina? Yankho lilembedwe pasadakhale. Wolemba mabukuyu amalipiritsa 40 pa mizere 25 iliyonse yowonjezera. Nambalayi sanaitole m'mwamba. Pakati pa 180 ndi 400 pali 220, ndipo pakati pa mizere 100 ndi 250 pali magulu asanu ndi limodzi a mizere 25. Magulu onsewo pa 40 akukwana 240, kuposa 220. Choncho wopitirira pang'ono mwa apo ndi apo amalipira pang'ono, koma amene bizinesi yake yakuladi amadzionera yekha kuti kukwera phukusi n'kotchipa. Akadaika 25 pa gulu, aliyense akadakhala pa laling'ono mpaka kalekale. Palinso lamulo lakuti wopitirira malire miyezi itatu yotsatizana amasamutsidwira ku phukusi lotsatira, atadziwitsidwa.

Pakhomo polowera

Musalole kasitomala kudzisankhira phukusi popanda inu kuona. Aliyense amakhulupirira kuti bizinesi yake ndi yosavuta. Pemphani sitetimenti za miyezi itatu yapitayo, muwerenge mizere, ndipo mufunse mafunso awiri kapena atatu omwe amaulula mavuto. Kwa wolemba mabuku mafunso ake ndi awa: kodi ndalama za panyumba ndi za bizinesi zimadutsa mu akaunti imodzi, ndipo kodi malonda a ndalama zapamanja amalembedwa penapake?

Ngati akaunti ndi yosakanikirana, mphindi 3 zija sizigwiranso ntchito, chifukwa mzere uliwonse umafuna kufunsa mwini wake ngati ndi wa bizinesi kapena wa pakhomo. Mungamuuze kuti atsegule akaunti ya bizinesi kaye, kapena mumugwirire pa ola kufikira zitalongosoka. Kumulowetsa m'phukusi chifukwa chomumvera chisoni n'kudzipweteka nokha; chisoni chidapha nkhwali.

Zonsezi zikwane pa tsamba limodzi: chotsatira, magawo atatu ndi malire ake, zosalowamo, mbali ya kasitomala, mtengo wa zowonjezera, ndi kalipiridwe. Ntchito ya mtengo wokhazikika ilipiridwe kumayambiriro kwa mwezi, popeza palibe chodikira kuwerengera. Kasitomala akamawerenga tsambalo n'kufunsabe kuti "ndiye ndilandira chiyani kwenikweni", vuto lili pa chiganizo cha chotsatira, bwererani mukachikonze.

Kumbali yanu, lembani masitepe a ntchitoyo motsatana, ndipo muziwatsata chimodzimodzi kwa aliyense. Mtengo umodzi umafuna kagwiridwe kamodzi. Mukalola kasitomala uyu pulogalamu yake, uyo lipoti la maonekedwe ake, mwabwerera ku ntchito yosokera munthu payekhapayekha koma pa mtengo wa zosokeratu.

Pempho la kunja kwa mpanda likabwera, simufunika kukana kapena kupsa mtima. Yankho ndi lakuti: "Zimenezo ndingathe kukuchitirani. Sizili m'phukusi lanu, mtengo wake ndi wakuti. Ndiyambe?" Kovuta ndi koyamba. Mukachita ulere kamodzi osanena kanthu, mwezi wotsatira chinthucho chasanduka mbali ya phukusi m'maganizo a kasitomala. Ngati mwasankha kumuchitira ulere, chilembeni pa invoisi ndi mtengo wake, kenako muuchotse, kuti aone kuti inali mphatso.

Kudziwa ngati phukusi likuyenda

Pitirizani kulemba maola ngakhale simukulipiritsanso pa ola. Kumapeto kwa mwezi, pa kasitomala aliyense chotsani zolipira zachindunji, monga za pulogalamu ija, pa mtengo, mugawe ndi maola enieni. Wa phukusi laling'ono amene anadya maola 6 wabweretsa 168 kugawa ndi 6, ndiye 28 pa ola. Amene anadya maola 12 wabweretsa 14, pansi pa 20 uja.

Mwezi umodzi woipa si nkhani, ndiwo ntchito ya ndalama yachitetezo ija. Chofunika ndi kuona kumene vuto likubwerezeka. Ngati ndi kasitomala mmodzi yekha mwezi ndi mwezi, vuto ndi lake: mwina ali m'phukusi lolakwika, mwina malisiti ake amabwera osokonekera, ndipo mukambirane naye. Ngati ndi makasitomala ambiri a phukusi limodzi, ndiye kuti malire kapena mtengo wa phukusilo ndi wolakwika. Ngati ndi mapukusi onse, muyezo wanu ndiwo wolakwika, mwina mzere umadya mphindi 4 osati 3, ndipo masamu onse ayenera kubwerezedwa.

Kagulidwe nako kamaulula zinthu. Aliyense akamasankha laling'ono n'kumalipira zowonjezera mwezi uliwonse, malire a 100 ali pansi kwambiri kapena mtunda wopita ku lapakati watalika. Aliyense akamasankha lalikulu mosanyinyirika, mwatchipitsa. Chowonjezera chimodzi chikamapemphedwa ndi pafupifupi aliyense, chilowetseni m'phukusi n'kukweza mtengo.

Yesani phukusili pa makasitomala atsopano atatu kapena anayi kwa miyezi itatu musanakhudze akale. Akalewo muwasamutse pambuyo pake, mmodzimmodzi, powaonetsa mizere yawo ya miyezi yapitayo ndi phukusi lomwe akugweramo, ndipo muwapatse chidziwitso cha mwezi wathunthu kapena iwiri. Ena adzapeza kuti alipira zochepa kuposa kale, ndipo muwalole. Ena adzapeza kuti akwera kwambiri, chifukwa nthawi yonseyi ankalipira maola 7 pa ntchito ya maola 16. Kwa oterewa mungakweze pang'onopang'ono kwa miyezi itatu, koma tsiku lofikira pa mtengo wathunthu lilembedwe m'kalata yomweyo yowadziwitsa.